Zoyandama ziwiri ndi kontakita imodzi: kuti thanki isasefukire, pampu isayende yopanda madzi

Pampu yokweza madzi kuchoka m'thanki yapansi kupita m'thanki yapamwamba imabweretsa mavuto awiri ngati palibe woiyang'anira. Ikapitiriza kupopa thanki yapamwamba itadzaza, madzi amasefukira, kunyowetsa khoma ndi kukumba pansi pa nsanja. Ikapitiriza kuzungulira madzi atatha kumene ikukoka, imadziwononga yokha. Zonse ziwirizi zimatha ndi maswichi awiri oyandama pamadzi, amene ndiziwatchula kuti zoyandama. Chapamwamba chimanena kuti thanki ikufuna madzi, chapansi chimanena kuti madzi oti akokedwe alipo, ndipo pampu iyenera kuyenda pokhapokha zonse ziwiri zitavomereza. Ntchito yonse imene ndifotokoze pano yagona pa mfundo imeneyi.

Kuti tisamangolankhula za m'mwamba, titenge makonzedwe amodzi n'kuwatsata mpaka kumapeto. Pampu ndi ya makilowati 0.75, yoyendera magetsi a mavoti 230, ndipo pa chitsulo chake palembedwa kuti imakoka maampu 5. Ikamapopa, pakamwa pa paipi m'thanki yapamwamba pamatuluka malita 30 pa mphindi. Thanki yapamwamba ndi ya malita 2,000, yotambalala mamita 1.3. Yapansi ndi ya malita 3,000, yotambalala mamita 1.6. Manambala anu adzakhala ena, koma kawerengedwe kake n'komweka.

Choyamba, chidziweni choyandama chanu

Choyandama cha chingwe ndi kabokosi kapulasitiki komatidwa kuti madzi asalowe. Mukakagwedeza pafupi ndi khutu mumamva kampira kachitsulo kakugubuduzika m'kati. Kabokosiko kakapendekera m'mwamba, kampirako kamagubuduzikira kumene kuli chingwe. Kakalendewera pansi, kamagubuduzikira kumutu. Mbali imodzi kamakankha kaswichi kakang'ono, mbali inayo kamakasiya. Chofunika kwambiri n'chakuti kampirako sikasuntha kabokosi kakangopendekeka pang'ono. Kamadikira mpaka kupendekekako kukhale kwakukulu, pa zoyandama zambiri pafupifupi madigiri 45 m'mwamba kapena pansi. Kudikira kumeneku ndi kumene kumapangitsa kuti pampu iziyaka madzi ali pa msinkhu wina n'kuzima ali pa msinkhu winanso.

M'chingwe muli mawaya atatu, kawirikawiri wakuda, wabulauni ndi wabuluu. Mmodzi ndi wolowera magetsi. Wachiwiri amalumikizana naye choyandama chikalendewera pansi, wachitatu amalumikizana naye chikayandama m'mwamba. Musadalire mitunduyo, chifukwa opanga amasiyana kagwiritsidwe kake. Tengani mita yoyezera magetsi, muiike pamene imalira mawaya awiri akakhudzana, mugwire choyandama chitalendewera, muyeze mawaya awiriawiri mpaka mupeze amene akuliza mita. Kenako muchitembenuzire m'mwamba muyezenso. Waya amene wapezeka ponse pawiri ndiye wolowera. Lembani pa tepi n'kumata pa waya aliyense nthawi yomweyo, popeza mukakwera pa nsanja simudzakumbukanso.

Cha thanki yapamwamba chigwiritse ntchito mawaya amene amalumikizana chikalendewera pansi: madzi achepa, pampu iyake. Cha thanki yapansi chigwiritse ntchito amene amalumikizana chikayandama m'mwamba: madzi alipo, pampu ikhoza kukoka. Zoyandamazo n'zofanana, koma zimalumikizidwa mosemphana. Waya wachitatu wotsala pa chilichonse mumutseke bwino kumapeto kwake, chifukwa swichi ikatembenukira kwa iye amakhala ndi moto.

Ngati madziwo ndi akumwa, sankhani zoyandama za kampira kachitsulo. Zakale zina zili ndi mekyule m'kati, ndipo zimenezo zisalowe m'thanki yamadzi akumwa.

Magetsi a pampu asadutse m'choyandama

Anthu ambiri amadula waya wamoto wopita ku pampu n'kulowetsapo choyandama. Zimagwira ntchito kwa kanthawi, n'chifukwa chake njirayi yafala, koma ine sindiilimbikitsa. Mota ikamadzuka imakoka magetsi ochuluka kasanu kapena kupitirira kuposa amene imakoka ikamayenda. Pampu yathu ya maampu 5 imakoka cha m'ma 25 kwa kamphindi kochepa. Pa choyandama mukhoza kuona palembedwa 16(4) A. Nambala yoyambayo ndi ya zinthu zongotentha ngati hita, yachiwiriyo ndiyo ya mota. Ndiye kuti pampu yathu yapitirira kale malire ake. Nthawi iliyonse swichi ikatseka kapena kutsegula pamathetheka moto pang'ono, timitu ta swichi timapsa, ndipo tsiku lina timamatana. Choyandama chomatana chimauza pampu kuti izingoyenda, thanki n'kusefukira ngati kuti simunaikemo kanthu. Chifukwa china n'chachidziwikire: simufuna mavoti 230 m'chingwe choviikidwa m'madzi amene munthu adzapisamo dzanja.

Ntchito yolemerayo ipatseni kontakita. Iyi ndi swichi yaikulu imene imatsekedwa ndi maginito a koyilo yaing'ono. Zoyandama zizingoyatsa ndi kuzimitsa koyiloyo, ndipo kontakita ndiyo izinyamula magetsi a pampu. Gulani ya koyilo ya mavoti 24, pamodzi ndi thiransifoma yotsitsa magetsi kuchoka pa 230 kufika pa 24. Onetsetsani kuti koyilo ndi chimene chikuipatsa magetsi n'zamtundu umodzi, zonse AC kapena zonse DC. Koyilo ya AC imakoka magetsi ochuluka pafupifupi kakhumi pa nthawi imene ikutseka kuposa pamene yagwira kale, choncho thiransifoma yaing'ono kwambiri imapangitsa kontakita kunjenjemera osatseka bwino.

M'bokosi losalowa madzi, magetsi a pampu adutse motere: ayambe pa chida choteteza anthu cholembedwa RCD cha 30 mA, apite pa breka ya maampu 10 ya mtundu wa C, adutse pa kontakita, kenako pa ovalodi, n'kukafika ku mota. Ovalodi ndi kachida komangidwa pansi pa kontakita, kamene kamamva kutentha mota ikamakoka magetsi opitirira muyeso. Kali ndi kagudumu ka manambala; kaikeni pa nambala ya pa chitsulo cha mota, kwa ife 5. Maovalodi ambiri anapangidwira mota za mawaya atatu amoto, ndipo amagwa okha akaona kuti njira imodzi mwa zitatuzo ilibe magetsi. Ndiye pa pampu ya waya mmodzi wamoto, lowetsani wayayo pa kamutu ka kontakita kolembedwa L1, mum'tulutse pa T1 ya ovalodi, mum'bweze pa L2, atuluke pa T2 kupita ku mota. Nyutirolo alowe pa L3 atuluke pa T3. Waya wa efi amangidwe ku thupi la pampu ndi ku bokosi ngati lili lachitsulo.

Mbali ya mavoti 230 imeneyi igwiridwe ndi munthu amene anaphunzira ntchito ya magetsi, motsata malamulo a kumene muli. Musanakhudze waya aliyense, zimitsani breka yaikulu, muyeze ndi mita kuti motodi wachoka. Kumbukiraninso kuti mota zoterezi zili ndi kapasita imene ikhoza kusunga moto magetsi atazimitsidwa kale.

Mzere wa mavoti 24

Apa ndi pamene pali nzeru yonse. Maswichi onse ali pa mzere umodzi, wina pambuyo pa mnzake:

```
24V -- F1 -- OL 95/96 -- FS1 -- FS2 -- A1
 0V ---------------------------------- A2
```

F1 ndi fyuzi yaing'ono ya ampu imodzi kapena awiri. OL 95/96 ndi timitu tiwiri ta pa ovalodi timene timakhala tolumikizana mpaka ovalodi itagwa. FS1 ndi choyandama chapansi, FS2 chapamwamba. A1 ndi A2 ndi timitu ta koyilo ya kontakita. Magetsi sangafike pa A1 ngati pena paliponse pa mzerewu padukiza. Thanki yapansi ikauma, FS1 imatsegula ndipo pampu imaima, ngakhale yapamwamba ikhale ilibe ndi dontho lomwe. Yapamwamba ikadzaza, FS2 imatsegula ndipo pampu imaima, ngakhale pansi madzi ali mbwee.

Kulumikiza motere kuli ndi ubwino wina umene ndimaukonda kwambiri. Waya akaduka, khoswe akatafuna chingwe mpaka kuduka, kapena sikuluu ikamasuka, pampu imaima. Mudzadziwa kuti chalakwika chifukwa madzi adzatha m'mipope, koma pampu idzakhala yamoyo ndipo palibe chidzasefukire. Makonzedwe amene amafuna kuti magetsi afike kwinakwake kuti pampu izime ndi oopsa, chifukwa waya akaduka palibenso woizimitsa.

Mungafune swichi yoyatsira pamanja, kuti muzitha kudzaza thanki isanafike pa msinkhu woyakira yokha. Ikani swichiyo kuti izilambalala FS2 yokha basi. FS1 ndi ovalodi zisalambalalidwe ndi chilichonse. Ndibwinonso kuti ikhale batani lobwerera lokha mukachotsa chala, kapena ikhale ndi nyali yoonetsa kuti yasiyidwa pa manja, popeza swichi yoiwalika pamenepo ndiyo imasefukiritsa mathanki ambiri amene ali ndi zoyandama zabwinobwino.

Chingwe chochoka ku bokosi kupita ku thanki iliyonse chikwanira cha mawaya awiri a 1 mm², popeza magetsi a koyilo ndi ochepa. Chidutse m'paipi yoteteza ku dzuwa. Polumikizira chingwe cha choyandama pakhale kunja kwa thanki, m'kabokosi kotseka bwino, zingwe zikulowera kunsi kwake kuti madzi a mvula otsetsereka pa chingwe azidonthera pansi asanafike m'kati. M'kati mwa thanki, pansi pa chivundikiro, nthawi zonse mumakhala chinyontho, ndipo mfundo ya tepi sikhalitsamo.

Kuika misinkhu

Apa ndi pofunika kudekha, chifukwa zida zikhoza kukhala zabwino zonse koma pampu n'kufa msanga chifukwa cha chingwe chomangidwa mofupika.

Chingwe cha choyandama chimalowa pamwamba pa thanki n'kulendewera m'kati. Pa chingwepo pali cholemera, kachitsulo kokutidwa ndi pulasitiki, kamene mungakasunthe m'mwamba kapena pansi. Cholemeracho chimaima pamodzi, ndipo choyandama chimazungulira pamenepo, kukwera ndi kutsika pamodzi ndi madzi. Zinthu ziwiri ndi zimene mukusankha. Msinkhu wa cholemera ndiwo pakati pa poyakira ndi pozimira. Kutalika kwa chingwe chotsala pakati pa cholemera ndi choyandama ndiko kumanena kuti poyakira ndi pozimira patalikirane bwanji. Pa choyandama chotembenuka pa madigiri 45, mtundawo umakhala pafupifupi kutalika kwa chingwe chotsalacho kuchulukitsa ndi 1.4.

Tiyambe ndi thanki yapamwamba. Popeza ndi yotambalala mamita 1.3, sentimita iliyonse ya msinkhu wa madzi ndi malita pafupifupi 13. Paipi yotayira madzi osefukira ili pa masentimita 145 kuchokera pansi. Tikufuna pampu izizima pa 135, kuti patsale mpata wa masentimita 10, ndipo iziyaka madzi akatsika kufika pa 75. Kusiyana kwake ndi masentimita 60, amene ndi malita pafupifupi 800. Pampu ya malita 30 pa mphindi idzawadzaza m'mphindi 27, kenako n'kupuma nthawi yaitali. Cholemera chikhale pakati, pa masentimita 105, ndipo chingwe chotsala chikhale 60 kugawa ndi 1.4, kutanthauza cha m'ma 43.

Tsopano taonani zimene zingachitike wina atasiya chingwe chachifupi, kusiyana kukhala masentimita 5 okha. Amenewo ndi malita 66. Pampu ingayake, kuyenda mphindi ziwiri, kuzima, ndipo munthu akangosamba iyakenso. Kudzuka kulikonse kumabwera ndi maampu 25 aja, kutenthetsa mawaya a m'mota ndi kutopetsa kapasita. Opanga mota amalemba m'kabuku kake kuti ingadzuke kangati pa ola limodzi. Werengani nambalayo, ndipo mukhale kutali nayo. Komanso musatalikitse chingwe mpaka thanki izitsala pang'ono kuuma pampu isanayake. Ife tasiya masentimita 75, pafupifupi malita 1,000, kuti magetsi akathima pa nthawi yolakwika pakhalebe madzi ogwiritsa ntchito.

Chingwe cha masentimita 43 chimafuna malo ozungulira. Kuchokera pakati pa thanki yathu kukafika kukhoma ndi masentimita 65, ndiye chikalendewera chapakati chimakwana. Onani kuti palibe paipi, makwerero kapena nthiti ya thanki imene choyandama chingakodwepo. Chikhalenso kutali ndi pamene madzi akugwera, chifukwa mafunde amachivinitsa, ndipo madzi ogwa mwamphamvu akhoza kuchikanikizira pansi thanki itadzaza kale. Ngati thanki ndi yopapatiza, mangani paipi yapulasitiki yoimirira m'kati pafupi ndi khoma, mumangirire chingwe pa paipiyo ndi zomangira zapulasitiki m'malo mwa cholemera, choyandama chikuloza pakati pa thanki.

M'thanki yapansi timaopa mpweya. Pampu siyembekeza kuti madzi atheretu kuti iyambe kuvutika. Madzi akatsika kuyandikira kamwa la paipi yokokera, pamwamba pake pamayamba kadzenje kozungulira, ndipo mpweya umatsikira m'kadzenjeko kulowa m'paipi. Kamwa la paipi yathu lili pa masentimita 15 kuchokera pansi, kuti isamakoke matope. Tiika pozimira pa 40, kusiya madzi a masentimita 25 pamwamba pa kamwalo, ndipo pololeranso pa 70. Cholemera chikhale pa 55, chingwe chotsala cha m'ma 21. M'thanki iyi sentimita iliyonse ndi malita 20, ndiye masentimita 30 ndi malita 600. Tanthauzo lake n'lakuti ngati madzi akulowa pang'onopang'ono m'thanki yapansi, pampu idzadikira mpaka asonkhane okwanira kuti iyende mphindi 20, osati kumangodzuka ndi kugwa pa dontho lililonse. Chenjerani kuti choyandama chapansi chisafike pa kamwa la paipi, chifukwa chikhoza kukokedwa n'kumatirira pamenepo.

Manambala a chingwewa ndi poyambira chabe. Chingwe chatsopano chimakhala cholimba, makamaka madzi akazizira, ndipo kabokosi kalikonse kamayandama mwa njira yake. Madzi enieni ndiwo adzakuuzeni zoona pa nthawi yoyesa.

Chimene choyandama chapansi sichingaone

Ambiri amaganiza kuti ovalodi imateteza pampu youma. Sichoncho. Pampu ikamazungulira popanda madzi ntchito imaipepukira, ndipo magetsi amene imakoka amatsika, sakwera. Ovalodi imaona ngati zonse zili bwino. Pamenepo n'kuti chotchinga madzi cha pa shafiti, chimene chili ndi nkhope ziwiri zosalala zokhulana, chikutentha, popeza madzi ndiwo amachiziziritsa ndi kuchiterereretsa. Mphindi zochepa zimakwana kuti ching'ambike kapena kuti rabala yake ipse, ndipo ngati chopalasa madzi cha m'kati chili chapulasitiki chimapindika. Pambuyo pake mudzaona madzi akudontha pakati pa mota ndi mutu wa pampu.

Choyandama chapansi chimateteza ku kutha kwa madzi m'thanki, koma sichidziwa zimene zili m'paipi. Ngati pampu ili pamwamba pa madzi amene ikukoka, imadalira valavu ya kumapeto kwa paipi, yolola madzi kukwera osabwerera. Kamwala kakakodwa m'valavumo, kapena pa mfundo ya paipi pakamalowa mpweya, madzi amabwerera pansi usiku, paipi n'kutsala yopanda kanthu. M'mawa zoyandama zonse zivomereza, pampu iyaka, koma ikukoka mpweya. Ndipo popeza thanki yapamwamba siikudzaza, palibe choizimitsa.

Mankhwala abwino kwambiri ndi kuika pampu pansi kuposa msinkhu wotsikitsitsa wa madzi a m'thanki yapansi, kuti madzi azilowa okha. Ngati malo salola, onjezani swichi yomva kuyenda kwa madzi pa paipi yotuluka mu pampu, ndi tayima yochedwetsa ya mavoti 24:

```
FS2 --+-- TM NC ---- A1
      +-- FLOW NC -- TM
```

FLOW NC ndi timitu ta swichiyo timene timalumikizana madzi akakhala kuti sakuyenda. TM ndi tayima, yoikidwa pa masekondi 30, ndipo mwendo wake wina upite ku 0V. TM NC ndi timitu take timene timatsegula nthawi ikakwana. Pampu ikayaka, tayima imayamba kuwerenga. Madzi akayamba kuyenda masekondi 30 asanathe, swichi imadula magetsi a tayima ndipo pampu imapitiriza. Akapanda kuyenda, tayima imazimitsa kontakita, ndipo popeza madzi sakuyendabe, tayima imakhalabe yogwira mpaka munthu abwere, azimitse magetsi a bokosi, adzaze madzi m'pampu, n'kuyatsanso. Ndi mmene ziyenera kukhalira: pampu youma isamadziyesenso yokha mobwerezabwereza.

Swichi yomweyi imagwiranso vuto lina, la valavu yoiwalika yotseka pa paipi yokwera. Pampu yopopera pa paipi yotseka imangotakasa madzi omwewo mpaka atenthe. Pa chifukwa chomwechi, chotsani valavu ya mpira woyandama imene imatseka kamwa la paipi m'thanki yapamwamba, ngati inalipo. Ikatseka choyandama chamagetsi chisanatembenuke, pampu imatsala ikukankha khoma.

Zinthu ziwiri za mapaipi musaziiwale. Ikani valavu yosabweza madzi pafupi ndi potulukira pa pampu, ndipo kamwa la paipi m'thanki yapamwamba likhale pamwamba pa msinkhu wozimira, kuti pampu ikazima madzi asayamwidwe kubwerera pansi. Ndipo paipi yotayira osefukira isatsekedwe poti mwaika zamagetsi. Ikhale yaikulu kuposa yolowetsa, ikhale ndi sefa yoletsa udzudzu, ndipo izitayira poonekera, kuti tsiku limene chinachake chakanika mudziwe msanga.

Kuyesa

Yambani pampu isanalumikizidwe. Chotsani mawaya a mota pa ovalodi, muyatse bokosi, zoyandama zili m'manja mwa mnzanu, inu mukumvetsera kontakita. Chapansi m'mwamba, chapamwamba pansi: kontakita ilire kuti kha, itseke. Njira zina zitatu zotsalazo, zonse m'mwamba, zonse pansi, ndi chapansi pansi chapamwamba m'mwamba, ikhale chete. Ngati ikutseka pa njira ina, mwasemphanitsa waya pa choyandama chimodzi kapena pa zonse ziwiri. Kontakita ili chotseka, dinani batani loyesera la pa ovalodi muone kuti yatsegula, kenako dinani la pa RCD muone kuti bokosi lonse lazima.

Mukatero zimitsani magetsi, mulumikize mota, mudzaze madzi m'mutu wa pampu mpaka atulukire pa kabowo kodzazira, mulowetse zoyandama m'malo mwake, n'kuyatsa. Musachoke. Khalani pa thanki yapamwamba ndi ndodo yolembedwa masentimita, dzanja la mnzanu lili pa breka, muone madzi akukwera mpaka pampu izime yokha. Tinene kuti yazima pa 141 m'malo mwa 135. Musakhudze chingwe chotsala. Tsitsani cholemera pamodzi ndi chingwe chonse ndi masentimita 6 pomangira pamwamba. Kenako tsegulani mipope, madzi atsike, muone poyakira. Ngati yayaka pa 85 pamene mumafuna 75, ndiye kusiyana kwachepa ndi masentimita 10: talikitsani chingwe chotsala ndi masentimita 7, mutsitsenso cholemera ndi 5 kuti pozimira pasasunthe. Chitani chimodzimodzi pansi. Tsekani madzi olowa m'thanki yapansi, musiye pampu ikoke, mukuyang'ana pamwamba pa madzi. Mukaona kadzenje kozungulira kaja, kapena mukamva pampu ikusintha kulira ngati muli timiyala, pampu isanazime, kwezani cholemera.

Pampu ikuyenda bwino, yezani maampu ake ndi mita yopanira pa waya, mulembe nambalayo m'kati mwa chitseko cha bokosi pamodzi ndi mphindi zimene imatenga kudzaza. Mtsogolo, maampu akatsika kwambiri ndiye kuti madzi sakukokedwa bwino. Akakwera, mota ikulemedwa. Mphindi zikachuluka, pali potayikira kapena sefa yatsekeka.

Zikavuta

Pampu ikakana kuyaka thanki ili yopanda madzi, ikani mwendo umodzi wa mita pa 0V, winawo muziyenda nawo pa mzere uja: pambuyo pa fyuzi, pa 96, pambuyo pa FS1, pambuyo pa FS2, pa A1. Pamene mavoti 24 asowera, cholakwika ndi chimene mwangodutsacho. Akafika pa A1 koma kontakita osatseka, kawirikawiri koyilo yapsa.

Ikakana kuzima thanki ikusefukira, zimitsani breka kaye. Magetsi atazima choncho, yezani pakati pa L1 ndi T1 pa kontakita. Mita ikalira, timitu ta kontakita tamatana ndipo pakufunika ina, musayese kutipala. Ikapanda kulira, vuto lili ku FS2. Kawirikawiri mudzapeza choyandama chitakodwa pansi pa paipi, kapena chitalowa madzi n'kumira, chimene mungachidziwe pochigwedeza, kapena kabokosi kolumikizira katadzaza madzi amene akulumikiza mawaya awiri aja.

Kontakita ikamagogoda mobwerezabwereza, yang'anani ngati zikuchitika pamene madzi ali pafupi ndi pozimira. Ngati ndi choncho, ndi mafunde, ndipo choyandama chisunthidwe kutali ndi pogwera madzi. Ngati ikugogoda pa nthawi imene mota ikudzuka, magetsi akugwa chifukwa waya wobweretsa moto ku bokosi ndi wowonda kapena wautali kwambiri, kapena pali sikuluu yomasuka. Ovalodi ikamagwa, musakweze kagudumu kake kuti isiye. Pimani kapasita, ndipo magetsi atazima zungulitsani shafiti ndi dzanja muone ngati ikuyenda momasuka.

Pakapita miyezi ingapo, tulutsani zoyandama muzitsuke, chifukwa ndere ndi zokanirira za m'madzi zimazilemeretsa n'kusintha misinkhu imene munaika. Pindani chingwe pafupi ndi cholemera muone ngati chayamba ming'alu, popeza pamenepo ndi pamene chimapindika tsiku ndi tsiku. Musanachibweze chapansi, chilendewetseni pansi pampu ikuyenda, ndipo pampu izime nthawi yomweyo.